Laini mukugwiritsa ntchitoyo ili m'dzina la ndani?

Nthawi zonse makampani a foni akalengeza kuti laini yosalembetsa itsekedwa pofika tsiku lakuti, mafunso amene amabwera amakhala omwewomwewo. Kodi akufunanji ndi chiphaso changa? Nanga poti mayunitsi ndimagula ndi ndalama zanga, dzina langa likuwakhudza bwanji? Ndiye pali gulu lina lomwe silifunsa n'komwe, limangotenga chiphaso cha m'bale kapena mnzake, kulembetsera, basi nkhani yatha. Gulu limeneli ndi lomwe ndikufuna tikambirane kwambiri, koma tiyambe kaye ndi kumvetsa kuti chimene chimalembetsedwacho n'chiyani kwenikweni.

Chimalembetsedwa ndi chani

Pafoni yanu pali manambala angapo, si imodzi yokha ayi. Pali nambala imene mumapatsa anthu kuti akuyimbireni. Pali nambala yaitali yolembedwa pa simu khadi penipenipo, ya madijiti 19 kapena 20, yoyamba ndi 89, imeneyo ndi ya kakhadiko. Mkati mwa kakhadiko muli inanso imene simuiona, ndi imene netiweki imagwiritsa ntchito pokuzindikirani foni ikamalumikizana ndi nsanja. Kenako pali ya foni yeniyeniyo, ya madijiti 15, yomwe imatuluka mukayimba *#06# ndipo pa sikirini imalembedwa kuti IMEI.

Manambala onsewa netiweki imawadziwa kale ngakhale musalembetse. Imadziwa kuti simu iyi ili mufoni iyi, inayimbira nambala yakuti nthawi yakuti, inali pafupi ndi nsanja yakuti. Chimene siyidziwa ndi munthu. Kalembera ndiye kuwonjezera mzere umodzi wokha pa zonsezi: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, ndipo m'mayiko ena chithunzi cha nkhope kapena chidindo cha chala. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe laini ija ichite chimakhala ndi dzina pambali pake.

Zili ngati nambala ya galimoto. Galimoto ikagunda munthu n'kuthawa, mboni zimawerenga nambala, apolisi n'kupita kwa amene dzina lake lili m'mabuku, osati kwa amene anali pa chiwongolero. Mwina pambuyo pake adzapeza woyendetsa weniweni, koma khomo loyamba kugogodedwa ndi la mwini pepala. Ndipo mbali inayo, ngakhale mwayendetsa galimotoyo zaka khumi, simungaigulitse ngati pepala lili m'dzina la wina. Nkhani yonse ya laini ili pa mbali ziwiri zimenezi.

Zinayamba bwanji

Poyamba funsoli kunalibe. Mafoni akale, a m'nyumba aja ndi a m'manja oyambirira, munthu ankalipira mwezi ukatha, ndiye kampani inkayenera kudziwa dzina ndi komwe mumakhala kuti ikutumizireni bilu. Zinasintha chapakati pa zaka za m'ma 1990 pomwe kunabwera njira yolipiriratu, yogula mayunitsi musanayimbe. Apa kampani inalibenso chifukwa chokudziwirani, ndalama yalandira kale. Njira imeneyi ndi imene inafikitsa foni kwa anthu osauka dziko lonse, zimenezo n'zosakanika, komanso inapangitsa kuti pakhale malaini mamiliyoni opanda dzina.

Maboma anayamba kudandaula pa nkhani ya chitetezo. Pa 11 Malichi 2004 mabomba anaphulika m'masitima ku Madrid, dziko la Spain, n'kupha anthu oposa 190. Chikwama chimodzi sichinaphulike, munali foni yomwe inakonzedwa kuti iphulitse bombalo, ndipo simu khadi ya mufoni imeneyo ndi imene apolisi anatsata mpaka kugwira anthu oyamba. Chaka chomwecho dziko la Switzerland linayamba kukakamiza kalembera wa masimu olipiriratu, atazindikira kuti masimu awo ogulidwa popanda dzina ankagwiritsidwa ntchito ndi zigawenga za Al Qaeda. Ku South Africa kalembera anayamba mu 2009 pansi pa lamulo lotchedwa RICA. Ku Pakistan, zigawenga zitapha ana asukulu ku Peshawar mu Disembala 2014, boma linalamula kuti aliyense akadinde chala kuti laini yake isatsekedwe. Pano mayiko oposa 150 ali ndi lamulo lotere.

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi makampani amene amafuna kalemberayu. Kwenikweni amawalamula, ndipo chilango chake si chamasewera. Mu 2015 bungwe loyang'anira zamafoni ku Nigeria linalipiritsa kampani ya MTN naira 200,000 pa laini iliyonse yomwe sinatsekedwe pamene inali yosalembetsa bwino. Malaini anali 5.2 miliyoni, ndiye chindapusa chinafika naira 1.04 thiriliyoni, zomwe panthawiyo zinali pafupifupi madola 5.2 biliyoni. Atakambirana anatsitsa kufika naira 330 biliyoni mu 2016, koma uthenga unamveka. Ndiye mukaona wantchito pa kauntala akukana kukuthandizani chifukwa chiphaso n'cha munthu wina, si nkhanza zake ayi, kumbuyo kwake kuli lamulo lomwe kampani ikuliopa.

Chifukwa chachiwiri chinabwera mochedwerapo, ndicho ndalama. M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007, nambala ya foni inasanduka chikwama. Tsono aliyense wosunga ndalama za anthu, kaya banki kaya kampani ya foni, malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba amamuuza kuti adziwe kasitomala wake ndi ndani. Pamwamba pa apo mabanki, WhatsApp, maimelo, onse anayamba kutumiza kodi yotsimikizira pa nambala ya foni. Lero amene ali ndi mphamvu pa nambala ali ndi makiyi a zinthu zambiri za munthu, ndipo funso loti mwini wake ndi ndani lalemera kuposa mmene linalili mu 2004.

Kulembetsa m'dzina la wina: mbali ya wogwiritsa ntchito

Tiyerekeze chonchi. Mayi wina wochita bizinesi chiphaso chake chatayika, chatsopano chikuchedwa kutuluka, ndipo tsiku lotseka malaini layandikira. Mlamu wake akuti musavutike, tiyeni ndikulembetsereni pa changa. Palibe amene ali ndi maganizo oipa apa, ndipo anthu ambiri amene ali mumsamphawu analowamo mwa njira yomweyi, mwachifundo.

Miyezi yoyamba zonse zimayenda. Chizindikiro choyamba chimabwera makasitomala akamatumiza ndalama, asanaike pini pamatuluka dzina la mlamu uja, ena amayimba kaye kufunsa ngati nambala ili yolondola, ena amangosiya poganiza kuti ndi akuba. N'zazing'ono, mayi amangozolowera kunena kuti "litulukalo ndi dzina la alamu anga, tumizani basi". Koma dzina lotulukalo likunena zoona zake: kwa kampani, ndalama zili mmenemo n'za mlamuyo.

Zaka zitatu zadutsa. Pa nambala ija pali chikwama cha ndalama, pali WhatsApp yomwe makasitomala onse amaidziwa, banki nayo imatumiza kodi pomwepo. Tsiku lina foni yabedwa. Mayi akupita kukabwezeretsa laini atanyamula chiphaso chake chomwe chinatuluka kalekale. Wa pa kauntala akulemba nambala pa kompyuta, likutuluka dzina la mwamuna. Zathera pomwepo. Mayi atha kutchula manambala asanu amene amawayimbira kawirikawiri, atha kunena mayunitsi omwe anagula komaliza ndi ndalama zatsala mu chikwama, zonse n'kukhoza, koma mafunso amenewa ndi owonjezera chabe, choyamba ndi chakuti nkhope ndi chiphaso zigwirizane ndi zomwe zili mu kompyuta. Ndipo kampani ikunena zomveka, pakuti wakuba amene akufuna kulanda nambala ya munthu amabweranso ndi nkhani yomweyo, yoti laini ndi yanga koma analembetsa ndi wina. Akamulola mayiyu ndiye kuti amulolanso wakubayo.

Ngati mlamu ali pafupi ndipo akugwirizanabe, vuto ndi la tsiku limodzi. Koma ngati anapita kunja kukagwira ntchito? Ngati banja lija linatha ndipo sakulankhulana? Apa ndiye pamaoneka chinthu chomwe anthu sachiganizira. Mlamu uja, nthawi ina iliyonse, ngakhale foni isanabedwe, atha kulowa mu ofesi ya kampani ndi chiphaso chake n'kunena kuti simu yanga yatayika. Amupatsa yatsopano pa nambala yomweyo, ya mufoni mwa mayi ija n'kuzima nthawi yomweyo, sikirini kungolemba kuti palibe netiweki. Kenako apempha kuti amusinthire pini ya chikwama, amusinthira poti ndi mwini. Kodi ya WhatsApp ibwera kwa iye, ya kubanki chimodzimodzi. Sanathyole chitseko chilichonse, ndipo kuti mayi akatsimikizire khothi kuti ndalamazo zinali zake pafunika umboni wina wapadera, malisiti, mboni, nthawi ndi ndalama zoyendera mlandu. Izi zimachitika kwambiri pakati pa anthu amene anali pachibwenzi kapena pabanja, komanso pakati pa bwana ndi wantchito pamene laini ya bizinesi inalembetsedwa m'dzina la wantchito amene kenako wachoka mokwiya.

Ndiye pali imfa. Mlamu akamwalira, ndalama za mu chikwama chija zimawerengedwa ngati chuma cha malemu. Kampani ipempha chikalata cha imfa ndi makalata osonyeza amene ali ndi mphamvu yoyang'anira chumacho, ndipo amene alandire ndi olowa m'malo a mlamuyo, osati mayi uja. Akhale anthu abwino amubwezera.

Mbali ya mwini chiphaso

Tsopano titembenuze. Mlamu uja naye ali pa chiopsezo chake, mwinanso chachikulu.

Foni itabedwa ija, tinene kuti mayi sanathe kubwezeretsa laini, anangogula ina n'kuiwala yakaleyo. Palibe anakaitseketsa. Simu ija ili m'manja mwa wakuba, ikugwira ntchito, ili ndi dzina la munthu weniweni. Kwa anthu oba pafoni katundu wotere ndi wamtengo, chifukwa ndi zomwe amafuna: laini yolembetsa koma osati m'dzina lawo. Ayamba kutumiza mameseji aja oti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, kapena kuyimba kunamizira kuti ndi a kukampani. Wina wapusitsidwa, watumiza, wapita kupolisi.

Kafukufuku wake amayenda motere. Apolisi amapempha kampani, m'mayiko ambiri ndi chilolezo cha khothi, kuti iwapatse dzina la mwini nambala ndi mbiri ya laini. Dzina limabwera msanga poti ndi mzere umodzi. Mbiri imatenga nthawi kuiwerenga: nambala zomwe inayimbira, nsanja zomwe inadutsa, IMEI ya foni iliyonse yomwe simu inalowamo, komwe ndalama zinatulutsidwa. Mbiri imeneyi ndi imene ingapulumutse mlamu, chifukwa idzaonetsa kuti simu sinalowepo mufoni yake, ndipo tsiku la chinyengo inali pa nsanja za dera lomwe iye sanapiteko pamene laini yake ina inali kwawo. Koma taonani ndondomeko yake, kuyeretsedwa kumabwera pambuyo, kuitanidwa kumabwera poyamba. Pakati apo pali kufunsidwa, mwina kugona m'chitolokosi, mwina kutsekeredwa zikwama zake zina zonse poti chiphaso chake chaikidwa chizindikiro. Komanso podziteteza ayenera kuvomera kuti analembetsera munthu wina, zomwe m'mayiko ena pazokha ndi mlandu. Ku South Africa mwachitsanzo lamulo la RICA limati ukapatsa simu munthu amene si wa m'banja mwako, kampani iyenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa zambiri za munthuyo.

Ngongole ndi ina, yosachita phokoso. Makampani ambiri amabwereketsa mayunitsi ndi ndalama pafoni, ndipo wosabweza dzina lake litha kupita ku mabungwe osunga mbiri ya angongole. Dzina lopitalo ndi la pa chiphaso. Mlamu adzadziwira kubanki, tsiku lomwe akupempha ngongole yake, kuti ali ndi ngongole yomwe sanaionepo.

Pamene simunapereke chilolezo n'komwe

Pali mtundu wina wa vutoli womwe suchokera pa chifundo. Ejenti wosakhulupirika, pokulembetsani, amati netiweki yavuta dindaninso chala, kapena chithunzi sichinatuluke bwino tijambulenso. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zina ulendo wachiwiriwo walembetsa simu ina m'dzina lanu, yomwe akaigulitse kwa wina ngati simu yolembetsa kale. Fotokope ya chiphaso yomwe munasiya penapake itha kugwiranso ntchito yomweyo komwe safuna chala. Maejenti amalipidwa pa laini iliyonse yatsopano, ndiye chiyeso chilipo ndithu.

Mungadziwe bwanji? Njira yodalirika ndi kufunsa mndandanda wa manambala onse amene ali pa chiphaso chanu. Ku Kenya ndi ku Tanzania munthu amayimba *106# n'kuona. Ku India boma lili ndi tsamba la Sanchar Saathi lochitira zomwezo, ndipo kumeneko munthu mmodzi saloledwa kupitirira malaini 9. Komwe kulibe kodi yotere, ofesi ya kampani itha kukuonetsani mukapita ndi chiphaso. Zizindikiro zina zimabwera zokha: meseji yokuthokozani polembetsa nambala yomwe simukuidziwa, kapena kukanizidwa laini yatsopano ati mwafika kale pa malire pamene inu mukudziwa ziwiri zokha. Mukapeza nambala yachilendo pemphani kuti aichotse pa dzina lanu ndipo akupatseni kapepala kapena nambala ya dandaulo yokhala ndi deti, chifukwa tsiku lina laini imeneyo ikadzatchulidwa pa mlandu, deti limenelo ndi lomwe lidzakuyankhulireni.

Kwa mayi ndi mlamu aja njira yokonzera ilipo ndipo siyovuta, bola onse ali moyo ndipo akulankhulana. Amapita limodzi ku ofesi ya kampani, aliyense ndi chiphaso chake, n'kupempha kusintha umwini wa laini. Chofunika kusamala ndi chikwama, popeza kawirikawiri chimakhala akaunti yapayokha, ndiye makampani ena amafuna kuti ndalama zichotsedwe, ngongole zibwezedwe, chitsekedwe n'kutsegulanso m'dzina latsopano. Mukamaliza uzani munthu ayese kukutumizirani ndalama pang'ono muone dzina lomwe lituluke. Za ana n'zosiyana, malamulo ambiri amalola kholo kulembetsera mwana wosakwana zaka, ndipo makampani ali ndi njira yolembetsera malaini a bizinesi m'dzina la bizinesiyo. Zimenezo si zobisa, kampani ikudziwa kuti wogwiritsa ntchito ndi wina. Chomwe chimaiwalika n'chakuti mwana uja akakula laini isinthidwe, ndipo laini yomwe mwasiya kugwiritsa ntchito muitseketse m'malo mongoitaya mu dirowa.

Zomwe anthu sakugwirizanabe

Kodi kalemberayu amachepetsadi umbanda? Ochirikiza amati ngakhale wakuba agwiritse dzina la wina, pamakhala poyambira, ejenti amene analembetsa amadziwika, ndipo kupeza simu kumakhala kovutirapo. Otsutsa amaloza ku Mexico, komwe kalembera anakhazikitsidwa mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2012 ataona kuti milandu yoopseza anthu pafoni sinatsike, ndipo atayesanso mu 2021 ndi kaundula wofuna zala ndi nkhope, khothi lalikulu linamukana mu 2022 ati akuphwanya ufulu wa chinsinsi. Bungwe la makampani a foni la GSMA linalemba mu 2016 kuti silinapeze umboni woti kalembera wokakamiza amachepetsa umbanda mwachindunji. Mayiko monga Britain ndi America mpaka pano salamula kuti simu yolipiriratu ilembetsedwe. Mbali inayo iyankha kuti mayiko amenewo ali ndi njira zina zotsatira anthu zomwe ena alibe.

Funso lina ndi la opanda chiphaso. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekeza kuti anthu pafupifupi 850 miliyoni alibe chiphaso chovomerezeka, ambiri mwa iwo ana, komanso amayi akumudzi ndi othawa kwawo. Lamulo likati popanda chiphaso palibe laini, munthu wotere asankhe chani, kukhala wopanda foni kapena kubwereka dzina? Ndiye kodi lamulo lomwelo silikubala vuto lomwe likufuna kuthetsa? Ena amati yankho ndi kufulumizitsa ziphaso, ena amati pakhale njira yovomerezeka yoti munthu aimire mnzake, mayina onse awiri n'kulembedwa.

Palinso nkhani ya amene akusunga zonsezi. Kaundula wokhala ndi dzina, nkhope, chala ndi komwe munthu amayenda akabedwa kapena kugulitsidwa ndi wantchito wamkati, pini mutha kusintha koma chala simungasinthe. Ndani ali ndi ufulu woona kaundulayu, apolisi okha ndi chilolezo cha khothi kapena nthambi iliyonse ya boma ikangofuna? Atolankhani ndi omenyera ufulu amadandaula kuti foni yopanda dzina inali chitetezo kwa anthu owatsina khutu. Ndipo laini ikalembetsedwa mwachinyengo m'dzina la munthu wosalakwa, mlandu ugwere ndani pakati pa ejenti, kampani yomwe inamulemba ntchito, ndi mwini chiphaso amene sanafufuze? Pa funso limeneli malamulo a mayiko amasiyana, ndipo m'malo ambiri mwini chiphaso ndi amene amayamba kuvutika kutsimikizira kuti nambalayo sakuidziwa.